Mwanza wathu akapezeka ku Tanzania: kukonza timadontho tosochera pa mapu

Aliyense amene anayesapo kuika mndandanda wa malo pa mapu a pa kompyuta vuto ili amalidziwa. Muli ndi tebulo la mijigo, sukulu kapena makalabu a alimi, ndipo mzere uliwonse uli ndi dzina la malo. Mwapereka mayinawo ku pulogalamu yoti iwasandutse manambala a latichudi ndi longichudi, ntchito imene akatswiri amaitcha jiyokodi. Pulogalamu yayankha mizere yonse osadandaula. Koma mutatsegula mapu mukupeza kuti mjigo wa ku Mwanza uli m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania, wa ku Limbe uli ku Cameroon, ndipo ina yaunjikana pamalo amodzi pakati pa dziko.

Choopsa chake n'chakuti pulogalamu ya jiyokodi siichita manyazi kuyankha. Ikapeza malo angapo a dzina limodzi imasankha amene akuoneka otchuka kwambiri, n'kukupatsani manambala ngati kuti palibe chokayikitsa. Choncho mzere umene wabwera wopanda yankho si umene uyenera kukudetsani nkhawa, chifukwa umenewo mukuuona. Mizere yoopsa ndi imene yabwera ndi yankho looneka bwino koma lolakwika.

Tiyeni titenge tebulo lachitsanzo la mijigo, limene mu kolamu ya malo anthu osiyanasiyana analembamo Mwanza, Limbe, Ulongwe, Mlanje, Cholo, Kuntaja ndi Chileka. Mayina asanu ndi awiri amenewa ali ndi matenda osiyana, ndipo mankhwala a ena amapweteka anzawo. N'chifukwa chake dongosolo lokonzera lili lofunika: dziko choyamba, kenako boma, kalembedwe pambuyo pake.

Yang'anani kaye kumene kadontho kagwera

Musanakhudze dzina lililonse, onani manambala. Malawi yense ali pakati pa latichudi -9.3 ndi -17.2, ndi longichudi 32.6 ndi 36.0. Mwanza wa ku Malawi ali pafupi ndi -15.6, 34.5, pamene wa ku Tanzania ali pafupi ndi -2.5, 32.9. Mukasanja tebulo potsatira latichudi, mizere yotuluka kunja kwa malire amenewa imadzionetsa yokha pamwamba kapena pansi.

Pali zolakwa zina zimene zimaoneka ngati vuto la dzina pamene si choncho, ndipo ndi bwino kuzichotsa msanga. Timadontho tikapezeka kum'mawa kwa Sudan, ndiye kuti chizindikiro cha - chatayika kutsogolo kwa latichudi. Tikapezeka m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco, makolamu a latichudi ndi longichudi asinthana. Tikaunjikana pa 0, 0 m'nyanja kumwera kwa Ghana, pulogalamu sinapeze kanthu ndipo wina anadzaza ziro m'malo mosiya mpata. Zonsezi sizikhudza kalembedwe ka dzina, choncho musataye nazo nthawi pa mayina.

Dzina limodzi, mayiko angapo

Mwanza wa ku Tanzania ndi mzinda waukulu kuposa tauni yathu ya pa njira yopita ku Zobue, ndiye pulogalamu imene sinauzidwe dziko kawirikawiri imathamangira kumeneko. Nominatim, pulogalamu yofufuza malo mu mapu aulere a pa intaneti otchedwa OpenStreetMap, imasanja mayankho potengera nambala yotchedwa `importance`, ndipo nambalayi imadalira kwambiri kutchuka kwa malowo pa Wikipedia. Malo a kwathu kuno sakhala ndi mwayi pa mpikisano wotere. Limbe aliponso ku Cameroon ndi ku Haiti. Zomba ndi mudzinso ku Hungary. Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, ndiye anapereka dzina ku mishoni imene inakhazikitsidwa kuno mu 1876, ndipo ali pa latichudi 55.8 kumpoto.

Ambiri amangowonjezera mawu akuti Malawi kumapeto kwa dzina. Zimathandizako, koma mawuwo pulogalamu imawatenga ngati mbali ya zimene mukufufuza, osati lamulo. Ikalephera kupeza mudzi wanu, mapulogalamu ena amangogwira mawu akuti Malawiwo n'kukupatsani pakati pa dziko, ndipo umu ndi mmene timadontho timaunjikirana pamalo amodzi. Njira yodalirika ndi kugwiritsa ntchito sefa ya dziko:

```
curl -A "mijigo-mapu/1.0" \
"https://nominatim.openstreetmap.org/search?q=Mwanza&countrycodes=mw&format=jsonv2&addressdetails=1&limit=5"
```

Apa `countrycodes=mw` ikukaniza yankho lililonse la kunja kwa Malawi. `limit=5` ikupempha mayankho mpaka asanu, ndipo izi n'zofunika, chifukwa mukapempha limodzi lokha simudzadziwa kuti panali ena opikisana nalo. `addressdetails=1` ikubweretsa dziko ndi chigawo cha yankho lililonse kuti muyerekeze ndi zimene zili m'tebulo lanu. Seva yaulere ya Nominatim imalola funso limodzi pa sekondi, imafuna kuti pulogalamu yanu izidzitchula dzina, ndipo imayembekezera kuti muzisunga mayankho m'malo mofunsa zomwezo mobwerezabwereza.

Samalani ndi zilembo ziwiri za dziko. Malawi ndi `mw`, Mozambique ndi `mz`, Zambia ndi `zm`, Zimbabwe ndi `zw`. Amene walemba `za` poganiza Zambia watumiza zonse ku South Africa, ndipo `ml` ndi Mali. Ngati tebulo lanu lili ndi malo a mayiko angapo, monga ntchito ya m'malire a Mchinji ndi Chipata, musaike mayiko onse mu sefa imodzi. Mzere uliwonse ukhale ndi kolamu yakeyake ya dziko, ndipo funso lililonse lipite ndi dziko la mzere umenewo.

Ndi sefa imeneyi Mwanza ndi Limbe abwerera kwawo. Ulongwe ndiye amasonyeza chifukwa chake manambala a malire aja sakwanira paokha. Ulongwe wathu ali m'boma la Balaka, pa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi. Koma ku Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuli tauni imene Achipwitikizi amalemba Ulónguè, ndipo ife timaitchula chimodzimodzi. Tauni imeneyo ili pafupi ndi -14.7, 34.4, mkati mwenimweni mwa manambala a Malawi aja, chifukwa dziko lathu ndi lopindika ndipo bokosi lolizungulira limameza mbali za Mozambique, Zambia ndi Tanzania. Lichinga ndi Lundazi nawonso ali m'bokosi lomwelo. Kadontho kakagwera ku Angonia, kusanja manambala sikungakagwire. Chimene chingakagwire ndi malire enieni a dziko, amene tifikepo kutsogoloku.

Dzina limodzi, dziko lomwelo

Sefa ya dziko ikatha ntchito yake, vuto limasamukira mkati. Mwanza si tauni yokha. Ndi bomanso, ndi mtsinje umene umatsikira ku Chikwawa, ndiponso ndi dera la mfumu yaikulu ku Salima. Chileka amene aliyense amamudziwa ndi wa bwalo la ndege ku Blantyre, koma ku Lilongwe, cha ku Namitete, kulinso Chileka. Midzi ndiye imachita kunyanya, poti yambiri imatchedwa ndi dzina la nyakwawa, ndipo mayina a maufumu amabwerezedwa m'maboma ambiri.

Apa pulogalamu singakuthandizeni ngati tebulo silinena boma. Mzere wa Chileka ukakhala wopanda boma, ndipo palibe china chosonyeza kumene unachokera, monga dzina la wolemba kapena chipatala chapafupi, usiyeni wopanda manambala mpaka mutafunsa amene anaulemba. Ine ndimakana kwamtuwagalu kuika kadontho kongoganizira, chifukwa kakalowa pa mapu palibe amene adzakumbukire kuti kanali kongoganizira, ndipo galimoto yokakonza mjigo idzapita ku Blantyre pamene mjigo wofa uli ku Lilongwe.

Boma likakhalapo, lionjezereni pa funso, kenako onani mtundu wa chinthu chimene chabwera. Mu yankho la Nominatim muli `category` ndi `type`, zimene zimakuuzani ngati mwapatsidwa tauni, malire a boma, mtsinje kapena sitolo chabe ya dzina lomwelo. Likakhala boma, manambala amene mwalandira ndi a kadontho kamodzi koimira boma lonse. Kadontho kotere sikolakwika, koma si mjigo wanu, ndipo m'boma lalikulu ngati Mzimba kakhoza kukhala kutali makilomita ambirimbiri. Onjezerani kolamu yolemba kuti mzere uliwonse wapezeka pa mlingo uti: mudzi, dera la mfumu, kapena boma. Amene adzagwiritse ntchito mapuwo adzadziwa timadontho toyenera kutikhulupirira.

Kumbukiraninso kuti maboma anasintha. Neno anachotsedwa ku Mwanza mu 2003, monga mmene Balaka anachokera ku Machinga ndi Phalombe ku Mulanje. Kaundula wakale akhoza kunena kuti mudzi uli ku Mwanza pamene lero uli ku Neno. Mzere wotere ukakanika, yesani boma limene linabadwa kuchokera ku limene lalembedwalo musanaganize kuti dzina ndi lolakwika.

Kalembedwe

Gawo ili ndi limene limadya nthawi, ndipo ndi limene anthu amalakwitsa pofuna kufulumira. Kusiyana kwa kalembedwe kuli pamitundu iwiri, ndipo umodzi wokha ndi umene kompyuta ingaukonze payokha.

Mtundu woyamba ndi wa zizindikiro ndi timipata. Wina alemba Nkhotakota, wina Nkhota Kota, wina Nkhota-kota. Wina alemba Malawi, wina aika kadenga pa w. Dzina la Inkosi ya Makosi M'mbelwa limabwera ndi kakoma kowongoka kapena kopindika malingana ndi foni kapena pulogalamu imene analembera, ndipo kwa kompyuta timenetu ndi tizilembo tiwiri tosiyana. Palinso l ndi r, amene m'Chichewa sasiyanitsa tanthauzo, n'chifukwa chake mumaona Nsaru ndi Nsalu, Chiradzulu ndi Chiladzulu. Zonsezi zimatha ndi kachidutswa aka ka Python:

```python
import re, unicodedata

def yeretsa(dzina):
    s = unicodedata.normalize("NFKD", dzina)
    s = "".join(c for c in s if not unicodedata.combining(c))
    s = s.lower().replace("r", "l")
    return re.sub(r"[^a-z0-9]", "", s)
```

Kamachotsa timadenga ndi tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo, kamachepetsa zilembo zonse, kamasandutsa r kukhala l, n'kutaya timipata ndi timakoma. Manambala kawasiya dala: mukawachotsa, Area 18 ndi Area 25 ku Lilongwe asanduka malo amodzi. Chotuluka apa ndi kiyi yofananizira basi, ndipo iyenera kukhala mu kolamu yatsopano. Dzina limene munthu analemba lisafufutidwe, chifukwa tsiku lina mudzafuna kubwerera kukaona chimene chinalembedwa poyamba. Kiyiyi musaitumizenso ku Nominatim, poti `blantyle` saidziwa. Ntchito yake ndi kufananiza tebulo lanu ndi mndandanda wa malo umene nawonso mwaudutsitsa mu `yeretsa`.

Pali chiyeso chofuna kuwonjezera malamulo ena, ndipo apa ndi pamene Kuntaja akubwera. Anthu polemba amaphatikiza mawu olozera malo ku dzina: kuMwanza, Kumwanza, paMwanza. Ndiye wina amaganiza zochotsa ku aliyense woyambirira. Lamulo limenelo likafika pa Kuntaja, dera la mfumu yaikulu ku Blantyre, limasiya Ntaja, amene ndi malo enieni a malonda ku Machinga. Pulogalamu ipeza Ntaja mosavuta, sefa ya dziko ivomereza, ndipo mjigo usamuka boma popanda chenjezo lililonse. Njira yabwino ndi kufufuza kaye dzina monga lilili. Likakanika, m'pamene muyese lochotsedwa ku kapena pa, ndipo yankho livomerezedwe pokhapokha ngati lili m'boma lolembedwa pa mzerewo.

Mtundu wachiwiri ndi mayina akale. Mapu ndi makaundula a nthawi ya atsamunda, ngakhalenso ena olembedwa ufulu utabwera kale, amati Mlanje, Cholo, Ncheu, Kota Kota, Rumpi. Ena ndi osiyaniratu: Port Herald ndi Nsanje, Fort Johnston ndi Mangochi, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, ndipo kutsidya kwa malire Fort Jameson ndi Chipata. Chikwawa ndiye mpaka lero ena amalemba Chikhwawa.

Anthu ambiri amathamangira njira yowerenga kuti pakufunika kusintha zilembo zingati kuti dzina lina lifanane ndi linzake, yotchedwa Levenshtein. Tiyeni tiiyese pa tebulo lathu. Kuchoka pa Mlanje kufika pa Mulanje ndi kusintha kumodzi, kuika u. Kuchoka pa Cholo kufika pa Thyolo ndi kuwiri: c asanduke t, ndiponso tiike y. Kuti Cholo apezeke, ndiye kuti muyenera kulola kusintha kuwiri. Koma kusintha kuwiri komweko kumachotsa Mlanje kumufikitsa pa Nsanje, ndiponso kumasandutsa Mulanje kukhala Milange, tauni ya ku Mozambique imene ili kutsidya kwa chipata cha Muloza. Palibe mlingo umene ungalandire Cholo n'kukana Nsanje. Ndipo Port Herald sadzafika pa Nsanje ngakhale mutamasula mlingo chotani.

Sindikunena kuti njirayi itayidwe. Ndi yabwino pokupatsani mayina atatu kapena anayi oti munthu ayang'ane, makamaka mukaichepetsera ku malo a m'boma limodzi. Chimene siyenera kuchita ndi kusankha yokha.

Mayina akale amathetsedwa ndi mndandanda, osati masamu. GeoNames, nkhokwe ya pa intaneti ya mayina a malo, imapereka kwaulere fayilo ya dziko lililonse, ndipo ya Malawi ndi `MW.zip`, mkati mwake muli `MW.txt`. Kolamu yachinayi ya fayiloyi imasunga mayina ena a malo omwewo, akale ndi olembedwa mosiyana. Mukhoza kufufuza motere:

```
grep -i "mlanje" MW.txt | cut -f1,2,5,6,8
```

Izi zikusonyezani nambala ya malo, dzina limene GeoNames ikugwiritsa ntchito, latichudi, longichudi ndi mtundu wa malowo. Mtundu ukayamba ndi `PPL` ndi malo okhala anthu, `ADM` ndi chigawo cha boma, `MT` ndi phiri, `STM` ndi mtsinje. Pa Mulanje izi n'zofunika kwambiri, chifukwa dzinalo ndi la tauni, la boma ndi la phiri, ndipo mjigo suli pamwamba pa Sapitwa. Mu OpenStreetMap mayina otere amakhala mu `alt_name` ndi `old_name`, ndipo Nominatim imawafufuza ngati wina anawalowetsa. Midzi yaing'ono yambiri mulibe m'mindandanda iwiri yonseyi, kapena ilimo ndi kalembedwe kamodzi kokha.

N'chifukwa chake chida chofunika kuposa zonse ndi tebulo lanulanu la mayina, limene limakula nthawi iliyonse munthu akagamula mzere wovuta:

```
kiyi,dziko,boma,dzina,nambala
cholo,MW,Thyolo,Thyolo,M014
thyolo,MW,Thyolo,Thyolo,M014
chileka,MW,Blantyre,Chileka,M031
chileka,MW,Lilongwe,Chileka,M032
```

Onani kuti Cholo ndi Thyolo ali ndi nambala imodzi, pamene a Chileka awiri ali ndi manambala osiyana. Manambalawa ndi ongopanga inu, ndipo latichudi ndi longichudi zimasungidwa kamodzi kokha pa nambala iliyonse. Pulogalamu yanu iziyamba yafufuza m'tebulo ili pogwiritsa ntchito kiyi, dziko ndi boma pamodzi, ndipo izipita ku Nominatim pokhapokha ikasowa. Mukafuna kusunganso nambala ya kunja, ya GeoNames ndi yokhazikika bwino. `place_id` ya Nominatim musaidalire, chifukwa ndi ya mkati mwa seva ndipo imasintha akamanganso nkhokwe yawo.

Kutsimikiza ndi malire enieni

Zonse zikatha, patsala kuyesa kumodzi kumene kumagwira Ulongwe wosochera ndi Ntaja wolowerera. Tsegulani timadontho tanu mu pulogalamu yopangira mapu ya QGIS pamodzi ndi fayilo ya malire a maboma 28 a Malawi. Gwiritsani ntchito chida cha `Join attributes by location` kuti kadontho kalikonse katenge dzina la boma limene kagweramo. Kenako yerekezani dzina limenelo ndi boma lolembedwa m'tebulo lanu loyambirira. Kadontho kamene sikanalandire boma lililonse kali kunja kwa dziko kapena m'nyanja. Kamene kalandira boma losiyana ndi lolembedwa kagwera pa malo ena a dzina lomwelo. Mayina a maboma nawonso muwadutsitse mu `yeretsa` ndi m'tebulo lanu la mayina musanayerekeze, apo ayi Chikwawa ndi Chikhwawa adzaza mndandanda wa zolakwa pachabe. Mafayilo ena a malire amalekanitsa mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu ndi maboma ake, ndiye mjigo wa ku Mzuzu wolembedwa Mzimba uoneka ngati wasochera pamene uli pamalo pake.

Si kusagwirizana kulikonse kumene kuli kulakwa. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, ndipo pa msika ngati wa Lizulu mbali ina ya msewu ndi Mozambique. Fayilo ya malire ikakhala yojambulidwa mwachidule, kadontho kolondola kakhoza kuoneka ngati kadumpha malire ndi mamita ochepa. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mafayilo ang'onoang'ono a malire a mayiko nthawi zina amazisiya. Choncho pa kadontho kalikonse kokanidwa yezani mtunda wake kufika ku boma lolembedwa. Kakakhala mamita mazana angapo, kayikirani fayilo ya malire ndipo kasiyeni pomwepo. Kakakhala makilomita makumi angapo, bwererani ku dzina, ndipo chigamulo chimene mupange chilowe m'tebulo la mayina kuti mwezi wamawa mzere womwewo usadzafunsidwenso.